Matirikisi: Tebulo la Manambala Lothandiza Kupeza Mayankho Angapo Nthawi Imodzi

Tiyerekeze kuti anthu atatu agula katundu m'golosale imodzi tsiku limodzi. Woyamba watenga paketi imodzi ya shuga, sopo muwiri ndi paketi imodzi ya mchere, ndipo walipira K9,000. Wachiwiri watenga mapaketi awiri a shuga, sopo musanu ndi mapaketi anayi a mchere, walipira K22,000. Wachitatu watenga mapaketi atatu a shuga, sopo 7 ndi mapaketi 8 a mchere, walipira K34,000. M'kope la mwini golosale mwangolembedwa katundu amene aliyense watenga ndi ndalama zonse zimene wapereka. Mtengo wa chinthu chilichonse pachokha sunalembedwe. Kodi tingaupeze?

Tikangoyang'ana wogula mmodzi yekha sitingathe. K9,000 ya woyambayo ingagawike m'njira zambirimbiri pakati pa shuga, sopo ndi mchere. Koma mitengo yeniyeni iyenera kugwirizana ndi ogula onse atatu nthawi imodzi, ndipo zimenezi zimachepetsa kwambiri mayankho otheka. Pa nkhani yathuyi yankho lotsala ndi limodzi lokha. Funso ndi lakuti tilifikira bwanji popanda kungolota.

Kusukulu, chiganizo chonena kuti zinthu za mbali iyi zikufanana ndi za mbali iyo amachitcha ikweshoni. Tikaika chilembo x m'malo mwa mtengo wa shuga, y m'malo mwa mtengo wa sopo ndi z m'malo mwa mtengo wa mchere, n'kumawerenga ndalama m'masauzande, ogula athu aja asanduka maikweshoni atatu:

```
 x + 2y +  z =  9
2x + 5y + 4z = 22
3x + 7y + 8z = 34
```

Amene anafika ku sekondale akukumbukira samu yotere ya zilembo ziwiri. Umapeza x kuchokera mu ikweshoni imodzi, n'kukamulowetsa mu inayo. Zilembo zikakhala ziwiri njirayi imayenda bwino. Zikafika zitatu pepala limayamba kudzaza. Zikafika khumi, munthu amasokonezeka asanafike n'komwe pakati, osati chifukwa samuyo ndi yozama, koma chifukwa zolembalemba zachuluka ndipo sakudziwanso chimene achite kenako. Vuto limeneli ndi limene matirikisi amathetsa.

Kuchotsa zilembo, kusiya manambala

Tayang'ananinso maikweshoni atatu aja. Zilembo x, y ndi z zikungobwerezedwa pamalo omwewo mzere uliwonse. Chimene chikusintha ndi manambala okha. Ndiye ngati tagwirizana kuti malo oyamba ndi a shuga, achiwiri ndi a sopo, achitatu ndi a mchere, palibenso chifukwa cholembera zilembozo. Tingolemba manambala, iliyonse pamalo pake:

```
1  2  1 |  9
2  5  4 | 22
3  7  8 | 34
```

Amenewa ndiwo matirikisi: tebulo la manambala oikidwa m'mizere yopingasa ndi yotsika. Mizere yopingasa tiziitcha mizere basi, ndipo yotsika tiziitcha makolamu. Mzere uliwonse ukuimira wogula mmodzi, kutanthauza ikweshoni imodzi. Kolamu iliyonse ikuimira katundu mmodzi. Kamzere koimirira kakulekanitsa katundu wogulidwa ndi ndalama zolipiridwa. Mbali ya kumanzere ili ndi mizere itatu ndi makolamu atatu, choncho amati ndi matirikisi a 3 kwa 3. Pa kukula kwa matirikisi amayamba kutchula mizere, makolamu pambuyo.

Chofunika kwambiri m'tebuloli ndi malo. Nambala 5 imene ili pakatiyo ikutanthauza sopo musanu wa wogula wachiwiri chifukwa cha pamene yakhala. Mukaisuntha, tanthauzo lake lasintha. N'chifukwa chake ngati wogula wina sanatenge mchere, pamalo pa mchere sitisiyapo pululu, timalembapo ziro. Kuiwala ziro ameneyu ndi kulakwitsa kofala kwa ongoyamba kumene, chifukwa manambala otsatira amasunthira m'makolamu a eni ake ndipo samu yonse imaonongekera pomwepo.

Zinthu zitatu zololedwa

Cholinga chathu tsopano ndi kusintha tebuloli kuti likhale losavuta kuwerenga, koma mitengo imene tikufunayo isasinthe. Pali zinthu zitatu zokha zimene tingachite, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chomveka tikaganizira za m'golosale muja.

Choyamba, tingasinthanitse mizere iwiri. Kaya wogula wachitatu timulemba pamwamba kapena pansi, mtengo wa shuga ndi womwewo.

Chachiwiri, tingachulukitse mzere wonse ndi nambala iliyonse imene si ziro. Wogula woyamba akanatenga katundu yemweyo kawiri, akanatenga shuga muwiri, sopo munayi ndi mchere muwiri, n'kulipira K18,000. Mawu amenewa ndi oona monga momwe oyamba aja analili oona. Kugawa mzere wonse ndi nambala imodzi n'kololedwanso pa chifukwa chomwecho. Ziro yekha ndiye woletsedwa, chifukwa amafafaniza mzere wonse, umboni wa wogula mmodzi n'kutayika.

Chachitatu, tingachotse mzere wina mu mzere unzake, kapena kuuphatikizako, ngakhale titayamba tauchulukitsa. Ngati thumba la katundu lalikulu ndi la K22,000 ndipo tatulutsamo katundu wa K18,000, katundu wotsalayo ndi wa K4,000. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya njira yonseyi, chifukwa tikasankha bwino chochotsacho, katundu mmodzi amatheratu m'thumbamo ndipo zosadziwika zimachepa.

Lamulo lake ndi lakuti chimene mwachita, chichitike pa mzere wonse, kuphatikizapo nambala ya ndalama ya kuseri kwa kamzere koimirira. Ndipo zitatuzi zimagwira pa mizere, osati pa makolamu. Kuchotsa kolamu ya shuga mu kolamu ya sopo sikufanana ndi chilichonse chimene chinachitika m'golosalemo.

Tiyeni tiwerenge

Tiyamba ndi kolamu ya shuga. Tikufuna kuti pansi pa 1 wa pamwambayo pakhale maziro okhaokha. Mzere wachiwiri uli ndi 2, choncho tichulukitsa mzere woyamba kawiri, zomwe zikutipatsa 2, 4, 2 ndi 18, n'kuchotsa zimenezi mu mzere wachiwiri. Potsala 0, 1, 2 ndi 4. Mzere wachitatu uli ndi 3, choncho tichulukitsa mzere woyamba katatu, zomwe zikutipatsa 3, 6, 3 ndi 27, n'kuzichotsa mu mzere wachitatu. Potsala 0, 1, 5 ndi 7. Mzere woyamba tausiya mmene unalili:

```
1  2  1 | 9
0  1  2 | 4
0  1  5 | 7
```

Tiime kaye tione zimene tapeza. Mzere wachiwiri tsopano ukunena kuti sopo mmodzi ndi mapaketi awiri a mchere ndi K4,000. Wachitatu ukunena kuti sopo mmodzi ndi mapaketi asanu a mchere ndi K7,000. Palibe munthu amene anagula katundu wotere, komabe mawuwa ndi oona, chifukwa tawatulutsa m'zimene ogula enieni analipira. Shuga wachoka m'mizere iwiriyi, ndipo samu ya zosadziwika zitatu yasanduka ya ziwiri.

Tichita chimodzimodzi ndi kolamu ya sopo. Tikufuna ziro pansi pa 1 wa mu mzere wachiwiri. Tichotsa mzere wachiwiri mu wachitatu:

```
1  2  1 | 9
0  1  2 | 4
0  0  3 | 3
```

Maziro apanga masitepe kumanzere kwa tebulo, ndipo ntchito yaikulu yatha. Tsopano tiwerenga kuchokera pansi kupita pamwamba. Mzere wotsiriza ukuti mapaketi atatu a mchere ndi K3,000, ndiye kuti paketi imodzi ndi K1,000. Tikwera mzere umodzi. Sopo mmodzi ndi mchere muwiri ndi K4,000, mchere muwiriwo ndi K2,000, choncho sopo ndi K2,000. Tikweranso. Shuga mmodzi, sopo muwiri ndi mchere umodzi ndi K9,000. Sopo muwiri ndi K4,000, mchere ndi K1,000, pamodzi K5,000, choncho shuga ndi K4,000.

Tisanakhulupirire yankholi tiyenera kuliyesa, ndipo tiliyese pa manambala oyambirira, osati pa tebulo losinthidwa, chifukwa ngati tinaphonya penapake panjira, tebulo losinthidwalo lavomereza kale kuphonyako. Wogula wachitatu anatenga shuga mutatu, K12,000, sopo 7, K14,000, ndi mchere 8, K8,000. Pamodzi ndi K34,000, monga zinalembedwera m'kope. Wachiwiri naye: K8,000, K10,000 ndi K4,000 zikupanga K22,000. Mitengo yathu ndi yolondola.

Phindu lake lili pati?

Wina anganene kuti zonsezi tikanazichita ndi zilembo, ndipo akunena zoona. Matirikisi sabweretsa samu yatsopano pa mfundo imeneyi. Chimene amabweretsa ndi dongosolo. Taonani kuti sitinafunikire kuganiza kuti tiyambire pati kapena kuti ndi ikweshoni iti imene ikuoneka yophweka. Tinangotsata ndondomeko imodzi: tenga kolamu yoyamba, ika maziro pansi pa nambala ya pamwamba, pita ku kolamu yotsatira, bwereza. Ndondomeko yomweyi imagwira pa zosadziwika zitatu, makumi atatu kapena zikwi zitatu. Sifuna luntha lapadera, imangofuna kusamala, ndipo ntchito yotere ndi imene makina amaichita bwino kuposa munthu.

Pamene ndondomekoyi imakhala ngati yaima ndi pamene nambala imene tikufuna kugwiritsa ntchito pochotsa inzake yapezeka kuti ndi ziro. Wogula woyamba akanakhala kuti sanatenge shuga, sitikanatha kugwiritsa ntchito mzere wake pochotsa shuga mwa anzake. Mankhwala ake ndi chololedwa choyamba chija: kusinthanitsa mizere kuti pamwamba pabwere wogula amene ali ndi shuga. Makompyuta amapitirira pamenepa. Pa kolamu iliyonse amakweza mzere umene uli ndi nambala yaikulu kwambiri, chifukwa kugawa ndi nambala yaing'ono zedi kumakulitsa tizolakwika timene timabwera makina akamadula manambala ataliatali.

Phindu lachiwiri limaoneka mitengo ikasintha. Tinene kuti mwezi wotsatira ogula omwewo atenganso katundu wofanana ndi woyamba uja, koma alipira K12,000, K29,000 ndi K44,000. Mbali ya kumanzere ya tebulo sinasinthe, choncho palibe chifukwa choyambiranso. Tingobwereza pa manambala atsopanowa zimene tinachita kale. Kuchotsa 12 kawiri mu 29 kukusiya 5. Kuchotsa 12 katatu mu 44 kukusiya 8. Kuchotsa 5 mu 8 kukusiya 3. Ndiye kuti mchere udakali K1,000, sopo wakwera kufika pa K3,000, ndipo shuga wafika pa K5,000. Tikanakhala ndi malipiro a miyezi khumi ndi iwiri, tikanawaika onse m'makolamu khumi ndi awiri kumanja kwa kamzere koimirira, n'kuwayendetsa limodzi ulendo umodzi.

Apa ndi pamene pamaonekera kuti tebulo la kumanzere ndi chinthu pachokha, chosiyana ndi ndalama zolipiridwa. Akatswiri a masamu amalipatsa chilembo chimodzi, A. Mitengo yonse yosadziwika amaiika mu kolamu imodzi yotchedwa x, malipiro mu kolamu ina yotchedwa b, ndipo maikweshoni onse, kaya ndi atatu kaya chikwi, amalembedwa motere:

```
Ax = b
```

Kuchulukitsa A ndi x kumatanthauza zimene tinachita poyesa yankho paja: kutenga mzere, kuchulukitsa nambala iliyonse ndi mtengo wake, n'kuphatikiza zotsatirazo. Tebulo A likalandira mitengo limatulutsa malipiro. Nthawi zambiri pamakhalanso tebulo lina lochita zobwerera m'mbuyo, limene likalandira malipiro limatulutsa mitengo. Amalitcha invesi ya A. Amene ali ndi kompyuta angayese zimenezi mu Excel. Mukalemba manambala 9 a kumanzere aja kuyambira pa A1 mpaka C3, ndi malipiro atatu kuyambira pa D1 mpaka D3, lamulo ili likupatsani 4, 2 ndi 1:

```
=MMULT(MINVERSE(A1:C3),D1:D3)
```

Mu Excel yakale muyenera kuyamba mwasankha timabokosi titatu totsika, kulemba lamulolo, kenako n'kudina Ctrl, Shift ndi Enter pamodzi.

Njira yakale kuposa dzina lake

Njira yoika maziroyi masiku ano imatchedwa ndi dzina la Carl Friedrich Gauss wa ku Jeremani, koma inalipo kale kwambiri iye asanabadwe. Ku Tchaina kuli buku lakale la masamu lotchedwa Jiuzhang Suanshu, la mitu 9, limene linasonkhanitsidwa m'nthawi ya mafumu a Han, pafupifupi zaka 2,000 zapitazo. Mutu wake wa nambala 8 ndi wa masamu a mtundu womwewu, ndipo funso loyamba ndi la mitolo ya mbewu za magulu atatu, zabwino, zapakati ndi zochepa mphamvu, pofuna kudziwa kuti mtolo wa gulu lililonse umatulutsa zochuluka bwanji. Owerengera a nthawi imeneyo analibe zilembo ngati x ndi y. Ankayala timitengo towerengera pamalo athyathyathya, ikweshoni iliyonse mu mzere wake wotsika, n'kumachulukitsa ndi kuchotsa mpaka malo ena atatsala opanda kanthu. Pochotsa chonchi nthawi zina ankafika pa manambala ochepera ziro, ndipo mutu womwewo uli ndi malamulo a kawerengedwe kake. Katswiri wina dzina lake Liu Hui, amene analemba ndemanga pa bukuli m'chaka cha 263, anafotokoza kuti manambala awiriwa ankawasiyanitsa ndi timitengo tofiira ndi takuda.

Gauss anafika pa njirayi chifukwa cha ntchito ya zakuthambo. Cha m'ma 1810 ankafuna kupeza njira imene Pallas, chimwala chachikulu chozungulira dzuwa chimene chinatulukiridwa mu 1802, chimayendamo. Zimene anthu anayeza kwa zaka zingapo anazisandutsa maikweshoni 6 okhala ndi zosadziwika 6, ndipo anafotokoza mwadongosolo kachotsedwe ka zosadziwikazo chimodzichimodzi. Dzina loti matirikisi linabwera pambuyo pake. Analiyambitsa ndi James Joseph Sylvester wa ku Mangalande mu 1850, ndipo mu 1858 mnzake Arthur Cayley analemba malamulo ophatikizira, ochulukitsira ndi opezera invesi ya matebulo amenewa, kuwatenga ngati zinthu zimene munthu angawerengere nazo monga amachitira ndi manambala.

Kuyambira nthawi imeneyo njirayi yalowa m'ntchito zambiri. Injiniya amene akufuna kudziwa kulemera kumene chitsulo chilichonse cha mlatho chikusenza amalemba maikweshoni pa mfundo iliyonse pamene zitsulo zakumana. Wa zamagetsi amachita chimodzimodzi pa mphambano za mawaya. Wassily Leontief, amene analandira mphotho ya Nobel pa zachuma mu 1973, anaika chuma cha dziko la Amereka m'tebulo losonyeza zimene gawo lililonse, monga ulimi, migodi ndi mafakitale, limagula kwa linzake. Onsewa zosadziwika zawo zimadalirana, ndipo palibe chimodzi chimene chingapezeke pachokha.

Kukula kwa ntchito kumakwera msanga. Pa zosadziwika 10 pamafunika kuchulukitsa maulendo mazana angapo, ntchito imene munthu wodekha angaithe ndi pensulo. Pa zosadziwika 100 maulendowo amapitirira 300,000. Pa zosadziwika 1,000 amapitirira 300 miliyoni. Zosadziwika zikachuluka kawiri, ntchito imachuluka pafupifupi kasanu ndi katatu. N'chifukwa chake masamu aakulu otere anadikira makompyuta, ngakhale njira yake inali yodziwika kalekale.

Pamene yankho palibe, kapena achuluka

Si nthawi zonse pamene maikweshoni atatu amapereka mayankho a zosadziwika zitatu, ndipo ubwino wina wa matirikisi ndi woti amaulula okha vuto likakhalapo. Tisinthe wogula wachitatu. Tinene kuti anatenga shuga mutatu, sopo 7 ndi mchere musanu, n'kulipira K31,000. Tikachotsa mzere woyamba katatu, potsala 0, 1, 2 ndi 4, zofanana ndendende ndi mzere wachiwiri. Tikachotsanso mzere wachiwiriwo, tebulo likhala lotere:

```
1  2  1 | 9
0  1  2 | 4
0  0  0 | 0
```

Mzere wotsiriza wasanduka maziro okhaokha. Chifukwa chake n'chakuti katundu wa wogula wachitatuyu ndi wa woyamba ndi wachiwiri kuphatikiza pamodzi, ndipo K31,000 ndi K9,000 kuphatikiza K22,000. Sanatiuze chatsopano chilichonse. Zili ngati mboni yachitatu pa bwalo la mfumu imene yangobwereza zimene ziwiri zoyamba zanena: anthu ayankhula atatu, koma umboni ndi wa awiri. Zotsatira zake n'zakuti mayankho achuluka. Shuga wa K4,000, sopo wa K2,000 ndi mchere wa K1,000 zikugwirizana ndi ogula onse. Koma shuga wa K2,500, sopo wa K3,000 ndi mchere wa K500 zikugwirizananso, ndipo mungadziyesere nokha. Palibe luso la masamu limene lingasankhe pakati pa awiriwa. Chofunika ndi wogula wina amene anatenga katundu wosakanizidwa mosiyana.

Nanga wogula yemweyo akanalembedwa kuti walipira K32,000? Mzere wotsiriza ukanakhala 0, 0, 0 ndi 1. Tanthauzo lake ndi loti munthu sanatenge kanthu koma walipira K1,000, zomwe sizingatheke. Apa yankho palibiretu. Maikweshoni akutsutsana, ndipo vuto lili m'kope: mwina wina analemba molakwa, mwina anaba pa chenji, mwina mtengo unasintha pakati pa tsiku. Choncho mzere wa maziro kumanzere uli ndi mauthenga awiri. Kumanja kukakhalanso ziro, umboni waperewera. Kumanja kukakhala nambala ina, umboni ukutsutsana. M'zochitika ziwiri zonsezi tebulo A lilibe invesi, ndipo lamulo la pa kompyuta lija limakana kupereka yankho kapena limatulutsa manambala aakulu opanda tanthauzo.

Vuto lobisika kwambiri ndi lachitatu, chifukwa yankho limatuluka bwinobwino koma silodalirika. Tengani ogula awiri okha ndi katundu wa mitundu iwiri. Woyamba watenga shuga 10 ndi sopo 10 pa K60,000, wachiwiri shuga 10 ndi sopo 11 pa K62,000. Kusiyana kwawo ndi sopo mmodzi ndi K2,000, choncho sopo ndi K2,000 ndipo shuga ndi K4,000. Tsopano tinene kuti 62 uja sanalembedwe bwino ndipo tamuwerenga ngati 63. Sopo akhala K3,000, shuga K3,000. Taphonya pang'ono chabe pa malipiro, koma mtengo wa sopo wakwera ndi theka lathunthu.

Yerekezani ndi ogula ena awiri. Wina watenga shuga 10 ndi sopo mmodzi pa K42,000, mnzake shuga mmodzi ndi sopo 10 pa K24,000. Mitengo ndi yomweyo, K4,000 ndi K2,000. Tikaphonya chimodzimodzi n'kuwerenga 25 m'malo mwa 24, sopo akutuluka pafupifupi K2,100 ndipo shuga pafupifupi K3,990. Kuphonya n'kofanana, koma kuonongeka n'kochepa. Kusiyana kwake kuli m'mizere. Mizere 10, 10 ndi 10, 11 yatsala pang'ono kufanana, choncho yankho lonse latsamira pa kusiyana kwakung'onoko. Njira yodziwira vutoli ndi yosavuta: sinthani pang'ono nambala imodzi ya kumanja, muwerengenso. Yankho likasuntha pang'ono, ndi lolimba. Likalumpha kwambiri, musalikhulupirire ngati manambala anu anachokera pa sikelo kapena pa muyeso wina umene ungaphonye.

Malire a njirayi

Zonse zimene tachitazi zaima pa mfundo imodzi imene sitinaitchule: mtengo wa paketi ya shuga ndi womwewo kaya munthu wagula imodzi kaya khumi. Ndi mfundo imeneyi imene inatilola kunena kuti katundu wowirikiza kawiri ndalama zake zimawirikizanso kawiri. Mwini golosale akamatsitsira mtengo ogula zambiri, kapena akamaika basera, chololedwa chachiwiri chija chagwa, ndipo tebulo lidzatulutsa manambala ooneka bwino koma olakwika. Chimodzimodzi ngati zosadziwika zikuchulukitsana zokhazokha, monga m'litali ndi m'lifupi mwa munda pofuna kukula kwake. Masamu otere salowa m'tebulo mwachindunji.

Ndipo ngakhale samu itayenda bwino, yankho liyenera kuyang'anidwa ndi maso a munthu wodziwa ntchitoyo. Mlimi wa nkhuku amene akusakaniza chimanga, soya ndi madeya kuti chakudya chifike pa mlingo winawake wa zomanga thupi ndi mphamvu angalembe maikweshoni atatu n'kuwamasula mwa njira yomweyi. Koma tebulo likhoza kumuuza kuti madeya akhale makilogalamu ochepera ziro. Samuyo sinalakwe. Ikumuuza kuti mlingo umene akufunawo sungatheke ndi zinthu zitatu zimenezo, ndipo ayenera kusintha mlingowo kapena kuwonjezera chosakaniza china.

Choncho musanayale manambala m'tebulo, dzifunseni mafunso atatu. Kodi chinthu chilichonse chili ndi mtengo kapena mlingo umodzi wosasintha m'mizere yonse? Kodi mizere yonena zosiyanadi ilipo yokwanira chiwerengero cha zosadziwika? Kodi manambala a kumanja ndi odalirika mpaka pati? Mafunso amenewa akayankhidwa, chotsala ndi kuchulukitsa ndi kuchotsa, kolamu ndi kolamu, kenako kubweza yankho m'manambala oyambirira kuti muone ngati mzere uliwonse ukuvomera.